Funso limene amalume anga sanafunse

Amalume anga atapuma pa ntchito analandira ndalama zawo za penshoni pakamodzi, zokwana 5,000,000. Sanali munthu womwaza ndalama. Moyo wawo wonse ankalemba m'kabuku chilichonse chimene agula, ndipo ngongole ankaiopa ngati moto. Koma isanathe miyezi isanu ndi inayi, zoposa theka la ndalamazo zinali zitapita, ndipo sizinabwerenso. Iwo eni ndiwo anandilola kulemba nkhaniyi, bola ndisatchule maina. Mapepala onse anandionetsa chifukwa ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho manambala amene ndikupatseni ndi amene anali pa mapepalawo.

Munthu amene anawanamiza sanawapeze pamsewu. Anabwera naye kunyumba ndi mnzawo wa kalekale, yemwenso anali ataikako ndalama zake ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuwachitira zabwino. Mlendoyo anali wovala mwaudongo, wodekha, wodziwa kumvetsera. Tsiku loyamba sanapemphe ngakhale kakobiri. Anangofunsa za ntchito imene amalume ankagwira, za ana amene anali asanamalize sukulu, ndi zimene akuganiza kuchita kuti ndalamazo zisathe mphamvu zili m'banki. Limenelo ndilo linali bala lawo, chifukwa usiku uliwonse ankagona akuganiza zomwezo. Akutsanzika anangoti, "Bambo, inu mwagwira ntchito zaka zonsezi. Tsopano ndi nthawi yoti ndalama zanu zikugwirireni ntchito."

Ulendo wachiwiri ndi pamene anafotokoza bizinesiyo. Anati kampani yake imagula mbewu nthawi yokolola mitengo ili pansi, n'kuzisunga, kenako n'kuzigulitsa mitengo ikakwera. Aliyense woikamo ndalama amalandira phindu la 20 pa 100 iliyonse mwezi ndi mwezi, ndipo mpamba wake akhoza kuutenga tsiku lililonse atapereka chidziwitso cha masiku asanu ndi awiri. Anatulutsa satifiketi yosonyeza kuti kampaniyo inalembetsedwa ku boma, ya chidindo chake bwinobwino. Pa foni anawaonetsa zithunzi za matumba osanjikizana mpaka kudenga, ndi za iye mwini akugwirana chanza ndi anthu ovala masuti.

Amalume anachita chimene anthu ambiri osamala amachita, chimene amaganiza kuti ndi nzeru: anayesa ndi zochepa. Anaika 500,000. Mwezi utatha analandira 100,000 tsiku lenileni limene analonjezedwa, m'mawa, asanafunse n'komwe. Mwezi wachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi.

Apa ndipofunika kuimapo, chifukwa ndi pamene msampha unafwamphuka, ngakhale kuti iwo anaona ngati ndi pamene atsimikiza. Kulandira ndalama miyezi iwiri sikunasonyeze kuti kuli mbewu zimene zagulitsidwa. Munthu amene mwam'patsa 500,000 akhoza kukubwezerani 100,000 kasanu konse kuchokera pa ndalama zanu zomwezo, asanagule thumba ngakhale limodzi. Atawapatsa kawiri, m'thumba mwake munali mudakali 300,000 za amalume, komanso anali atagula chinthu chodula kuposa pamenepo, chomwe ndi chikhulupiriro cha munthu amene ali ndi 4,500,000 zina ku banki. Kuyesa ndi zochepa kumathandiza pogula katundu amene mungamugwire ndi manja. Pa zoika ndalama sikuteteza, chifukwa wakubayo ndiye amasankha zotsatira za mayesowo.

Poyamba mwezi wachitatu anaonjezera 2,500,000, zonse pamodzi n'kukhala 3,000,000. Akazi awo anakana. Anati, "Bambo, munthu uyu nkhokwe yake munaiona?" Amalume anayankha kuti zithunzi anaziona, ndipo ndalama zikubwera, nanga umboni wina woposa pamenepo ndi uti. Pambuyo pake anandiuza kuti chimene chinawatseka pakamwa si umbombo wokha ayi. Anali ndi manyazi. Munthuyo ankawalemekeza kwambiri, ankawaimbira foni kungofuna kumva kuti adzuka bwanji, ndipo mwana wawo atadwala anabwera kudzazonda. Kumufunsa kuti awaonetse mabuku a kampani kunali ngati kumunena kuti ndi wakuba. Ulemu wa anthu otere ntchito yake ndi yomweyo, kuti funso lizimveka ngati chipongwe.

Kuyambira pamenepo ndalama zinasiya kubwera m'manja, koma mwanjira yoti iwo sanaone vuto. Munthuyo anawalangiza kuti phindu asamalitenge, aziliphatikiza ku mpamba kuti nalonso lizibereka. Mwezi uliwonse ankawabweretsera pepala losindikizidwa bwino. Loyamba linati 3,600,000, lachiwiri 4,320,000, lachitatu 5,184,000, ndipo pakutha pa mwezi wachisanu ndi chimodzi linati 6,220,800. Amalume ankasunga mapepalawo m'Baibulo, ndipo madzulo ena ankawatulutsa n'kumawayang'ana. Anayamba kukamba zokonza denga ndi zotumiza mwana wawo wotsiriza ku koleji yabwino. Ndinawaona mapepalawo. Panalibe dzina la banki, panalibe nambala ya akaunti, panalibe siginecha ya munthu wina kupatula mwini wakeyo. Aliyense wokhala ndi kompyuta ndi makina osindikizira akanatha kuwalemba.

M'miyezi yomweyo anachita chinthu chimene chimawapweteka mpaka lero kuposa ndalama zawo. Anauza mnzawo wina amene anapuma naye ntchito limodzi, ndipo iyeyo anaika 1,000,000. Amalume anapatsidwa 50,000 yothokoza, 5 pa 100 iliyonse ya zimene mnzawoyo anaika. Bizinesi imene imapeza phindu pogulitsa mbewu ilibe chifukwa cholipira munthu pobweretsa woika ndalama watsopano mwezi uliwonse. Imene imachita zimenezi ndi imene moyo wake uli pa ndalama za obwera kumene.

Funso limene likanawapulumutsa linali lalifupi: phindu limeneli likuchokera kuti, ndipo ndi ndani wina kupatula inu amene angandionetse? Tiyeni tilifunse tokha pa bizinesi yomweyi, chifukwa yankho lake silifuna sukulu.

Bizinesi yosunga mbewu ndi yeniyeni, anthu amaichita ndipo ena amapindula nayo. Koma imazungulira kamodzi pa nyengo. Mumagula pokolola, mumadikira miyezi ingapo, mumagulitsa. Tinene kuti mwagula pa 100 ndipo chaka chakomera ogulitsa, mwagulitsa pa 150. Pa 50 yapamwambayo muchotsepo zonyamulira, matumba, mankhwala oteteza ku anankafumbwe, lendi ya posungira, malipiro a alonda ndi onyamula, komanso kupepuka kwa mbewu zikamauma, chifukwa zimene munayeza pogula sizilemera chimodzimodzi pogulitsa. Chotsalacho ndicho phindu, ndipo chimabwera kamodzi, pamapeto. Chaka china mitengo sikwera n'komwe, munthu n'kugulitsa moluza. Tsono ngati mbewu zili m'nkhokwe kudikira mtengo, ndalama zolipira anthu mwezi woyamba, wachiwiri ndi wachitatu zikuchokera pati? Ndipo ngati mpamba wanu wasanduka matumba, ungatuluke bwanji m'masiku asanu ndi awiri? Malonjezo awiriwo, phindu la mwezi ndi mwezi ndi mpamba wotuluka tsiku lililonse, sangakhale pamodzi ndi bizinesi imene anaifotokozayo.

Kenako pali masamu a 20 pa 100 iliyonseyo. Pa mwezi umodzi amamveka ngati ochepa. Mukamaphatikiza phindu ku mpamba kwa miyezi 12, ndalama zimachulukitsidwa pafupifupi ka 9. Pa zaka ziwiri ndi pafupifupi ka 80, pa zaka zitatu kupitirira ka 700. Zikanakhala zoona, 3,000,000 ya amalume ikanapitirira 2 biliyoni m'zaka zitatu. Munthu amene ali ndi njira yotere safunika kuyenda khomo ndi khomo kufunafuna penshoni za anthu okalamba. Angapite ku banki n'kukongola, chifukwa ngakhale banki yodula chotani chiwongoladzanja chake cha pa chaka sichifika kuchulukitsa ngongole ka 9, ndipo phindu lonse lotsala likanakhala lake yekha. Akamasankha ndalama zanu zodulazo m'malo mwa za banki, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti banki imafunsa mafunso, imafuna chikole, ndipo imatumiza munthu kukaona nkhokweyo.

Chinyengo chotere chili ndi dzina. Chimatchedwa ndi dzina la Charles Ponzi, amene mu 1920 mumzinda wa Boston ku America ankalonjeza anthu phindu la 50 pa 100 iliyonse m'masiku 45. Ankati amalipeza pogula makuponi a positi kumaiko kumene anali otsika mtengo n'kuwasinthanitsa ku America. Nkhani yake inkamveka, monga momwe ya mbewu inkamvekera, koma oyamba ankalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo zonse zinagwa chaka chomwecho. Njirayi siingakhalitse. Zolonjezedwa zimakula mwezi uliwonse, choncho obwera kumene ayeneranso kuchuluka mwezi uliwonse, ndipo anthu okhala ndi ndalama zoika amatha. Tsiku limene ofuna kutulutsa achuluka kuposa oika, chitseko chimatsekedwa.

Kwa amalume tsikulo linayamba kuyandikira pakutha pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, pamene anapempha kutengako 1,000,000 ya fizi ndi malata. Masiku asanu ndi awiri anadutsa. Munthuyo anati banki ikukonza makina ake. Sabata yotsatira anati wogula wamkulu wachedwa kulipira. Kenako anati ali kumaliro kutali, akabwerako zonse zikonzeka. Amalume atalimbikira, anawatumizira 150,000 ndi mawu akuti, "Bambo, gwirani kaye izi, inu ndinu kholo langa, sindingakuchiteni chipongwe." Kandalama kameneko kanawagoneka mtima kwa mwezi wina wathunthu, ndipo ndicho chinali cholinga chake. Munthu amene walandirako pang'ono sathamangira kupolisi, ndipo sauza anzake kuti achotse zawo.

M'mwezi wachisanu ndi chitatu kunabwera uthenga wina. Ndalama zonse za anthu zafika, koma zagwidwa chifukwa cha msonkho, ndipo aliyense apereke gawo lake kuti zimasulidwe. Gawo la amalume linali 200,000. Analipira. Mumtima ankadziwa kuti china chake chalakwika, koma kukana kulipira kunali kuvomereza kuti 3,000,000 yapita, ndipo zimenezo sanali okonzeka kuzimeza. Mukadzauzidwa kuti mupereke ndalama kuti mulandire ndalama zanu zomwe, imani pomwepo. Msonkho kapena chindapusa chenicheni chikhoza kuchotsedwa pa ndalama zimene akukusungiranizo. Amene ali ndi 6,220,800 zanu alibe chifukwa chopemphera 200,000 ina kuchokera m'thumba mwanu.

Patangopita masabata awiri foni ya munthuyo inasiya kupezeka. Amalume anapita ku ofesi ndipo anapeza chitseko chili ndi loko, chikwangwani chitachotsedwa, pakhoma patangotsala mabowo a misomali. Panja panali anthu ena ambiri, aliyense ndi mapepala ake m'manja, osayang'anana kumaso. Mwini nyumbayo anati lendi sanalandire kwa miyezi iwiri. Nkhokwe ya m'zithunzi ija inapezeka kuti ndi ya kampani ina imene sinamudziwe n'komwe munthuyo. Anangojambulitsa ataima pakhomo.

Anakhala masiku angapo osadya bwino, osalankhula. Atandiitana anangoika mapepala patebulo n'kunena kuti, "Mphwanga, tawerenga undiuze zoona, ndaluza zingati?" Iwo ankaganiza kuti aluza 6,220,800. Ndinawauza kuti nambala imeneyo aiiwale, chifukwa ndalama zimenezo sizinakhalepo. Powerengera timangoona zimene zinatuluka m'manja ndi zimene zinalowa m'manja. Zinatuluka 3,000,000 ndi 200,000 ya msonkho wabodza, zonse 3,200,000. Zinalowa 100,000 kawiri, 150,000, ndi 50,000 yothokoza ija, zonse 400,000. Analuza 2,800,000. Yothokozayo anakaibweza kwa mnzawo uja tsiku lotsatira, ngakhale inali kadontho chabe pa zimene mnzawoyo anataya. Anawalandira, koma panapita nthawi yaitali asanayambenso kuyenderana.

Kupolisi ndi kumene anaona kulemera kwa zinthu zing'onozing'ono zimene sanazisamale. Ndalama zoyamba anapereka pamanja, ndipo lisiti lake linali kapepala kolembedwa ndi bolopeni. Za 2,500,000 anatumiza kudzera ku banki, koma ku akaunti ya dzina la munthu, osati la kampani, ndipo munthuyo anali wina amene amalume sanamuonepo. Panganolo linali tsamba limodzi, lopanda mboni, losatchula kumene mbewu zili kapena chimene chidzachitike bizinesi ikaluza. Satifiketi ya kampani ija inali yeniyeni, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsikira. Kulembetsa kampani kumangosonyeza kuti dzinalo lilipo m'kaundula wa boma. Ndi chinthu chosavuta, chotsika mtengo, ndipo palibe amene amayendera bizinesiyo kuti aone ngati ikuchita zoona. Chilolezo chosonkhanitsa ndalama za anthu ndi kuwalonjeza phindu ndi pepala lina, ndipo m'maiko ambiri chimaperekedwa ndi banki yaikulu ya dziko kapena bungwe la boma loyang'anira za chuma. Mabungwe amenewa amakhala ndi mndandanda wa amene anapatsidwa chilolezo, ndipo munthu wamba akhoza kufunsa. Kampaniyi sinali pa mndandandawo. Foni imodzi ikanawauza zimenezi asanatulutse kanthu, bola nambala yoimbayo aipeze okha, osati imene wawapatsa wofuna ndalamayo.

Komabe kupita kupolisi kunali koyenera, ndipo kuyenera kuchitika msanga. Amalume anachedwa ndi miyezi iwiri yathunthu kuchokera tsiku limene malipiro anayamba kuzengereza. Ndalama zikatumizidwa kudzera ku banki kapena pa foni zimasiya mapazi, ndipo mukadandaula mwachangu ku banki yanu ndi kupolisi pamakhala mwayi woti akauntiyo itsekedwe zisanachotsedwe zonse. Pofika nthawi imene iwo anapita, munalibe kanthu. Sungani mauthenga onse a pa foni, malisiti, manambala a akaunti ndi maina a anthu amene analipo popereka ndalama. Musafufute chifukwa cha mkwiyo kapena manyazi.

Patapita mwezi umodzi kunabweranso foni ina. Munthu wina wa mawu aulemu anati akuimira gulu lothandiza onse amene anaberedwa, ndalama zina zapezeka, ndipo amalume apereke 80,000 yolembetsera kuti dzina lawo lilowe pa mndandanda. Ankadziwa dzina lawo ndi kuchuluka kwa zimene anaika. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, chifukwa maina a anthu oberedwa amakhala m'manja mwa akuba omwewo kapena anzawo. Apa ndi pamene ndinamva amalume akufunsa koyamba. Anati, "Ofesi yanu ili pati kuti ndibwere ndekha? Nambala ya mlanduwu ndi chani? Wapolisi amene akuufufuza ndi ndani, kuti ndimufunse ngati akukudziwani?" Foni inadulidwa, ndipo sinaimbenso. Anaiyang'ana kwa kanthawi n'kunena chapansipansi kuti safunsa anadya phula.

Chaka ndi theka chitapita, mnyamata wina amene amamudziwa anabwera ndi nkhani yake. Anali ndi lole yonyamula katundu ya mtengo wa 12,000,000 ndipo ankafuna 1,000,000 yokonzera injini ndi kugula matayala. Anati amalume akhale ndi gawo limodzi mwa magawo 12 a loleyo, azilandira pafupifupi 58,000 pa mwezi. Sanakane, sanavomere. Anatenga kabuku kawo kaja n'kumuuza kuti akhale pansi.

Anayamba ndi umwini. Anapempha kuona chikalata cha umwini wa galimotoyo, n'kuyerekeza dzina ndi chiphaso cha mnyamatayo, komanso nambala ya injini ndi ya chesesi ndi zimene zinali pa lole yeniyeniyo. Anafunsa ngati loleyo ndi chikole cha ngongole ina, chifukwa ngati ili choncho, wokongozayo ndiye woyamba kuitenga zinthu zikavuta, ndipo gawo lawo lingakhale la dzina lokha. Anatenga makaniko wosankha okha kuti akaione. Kenako anapempha kaundula wa maulendo ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi isanu ndi umodzi, yochokera ku banki komweko. Anapemphanso maina a makasitomala awiri amene amamupatsa katundu kawirikawiri, ndipo anapita kukalankhula nawo mnyamatayo palibe.

Atatero anawerengera limodzi. Loleyo inkalowetsa pafupifupi 1,800,000 pa mwezi. Mafuta, malipiro a dalaivala ndi wothandizira wake, inshulansi ndi misonkho zinkadya 1,100,000, n'kutsala 700,000, ndipo pamenepo ndi pamene mnyamatayo anapeza 58,000 yake. Sankanama, koma anaiwala zinthu ziwiri zimene anthu ambiri a magalimoto amaiwala. Matayala, mabuleki ndi sevisi sizibwera mwezi uliwonse, koma zikabwera zimabwera zazikulu, choncho pafunika kupatula za zimenezo mwezi ndi mwezi. Ndipo galimoto imakalamba, tsiku lina idzafunika ina. Atapatula 250,000 ya zokonza ndi 150,000 ya kukalambako, phindu lenileni linatsala 300,000. Gawo la amalume linakhala 25,000 pa mwezi, osafika theka la zimene anauzidwa poyamba, komanso pa mwezi umene lole yayenda bwino.

Funso lotsatira ndi limene ine ndimaliona kuti limasiyanitsa anthu. Anamufunsa kuti, "Mwezi woipa kwambiri umene unakumana nawo unali wotani?" Mnyamatayo anakanda m'mutu n'kunena kuti nthawi ina giyabokosi inafa, lole inakhala masabata asanu osayenda, ndipo anachita kukongola kuti alipire dalaivala. Yankho limenelo linawakhazika mtima pansi kuposa malonjezo onse. Bizinesi yoona imakhala ndi mwezi woipa, ndipo mwini wake amaukumbukira bwino. Munthu wa mbewu uja atafunsidwa ndi mnzawo wina za chiopsezo anangoseka n'kunena kuti kampani yake sinaluzepo. Ngakhale phindu lolonjezedwa litakhala laling'ono, kusaluza konse ndi chizindikiro choopsa. Bernard Madoff wa ku New York sankalonjeza zodabwitsa ngati za Ponzi. Ankangoonetsa phindu looneka lapakatikati chaka ndi chaka, misika ikwere kapena itsike, ndipo ananamiza anthu ophunzira, mabanki ndi mabungwe achifundo kwa zaka zambiri mpaka anamangidwa mu Disembala 2008. Mu 2009 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 150.

Anafunsanso za potulukira, zimene anthu sakonda kuzikamba zinthu zili bwino. Ndikafuna ndalama zanga, ndani adzagula gawo langa, pa mtengo wowerengedwa bwanji, ndipo m'miyezi ingati? Lole ikachita ngozi, inshulansiyo imalipira galimoto yathu kapena ya mnzathu yekha, ndipo ndalamazo zidzagawidwa motani? Iwe kapena ine tikamwalira, a m'banja adzatsata pepala liti? Mnyamatayo mafunso ena analibe yankho lake, ndipo ananena poyera kuti sanawaganizirepo. Sanakwiye, sananene kuti mwayiwu utha mawa, sanawauze kuti asauze akazi awo. Amalume anati akufuna masabata awiri oganiza, iye anavomera. Munthu wa mbewu uja nthawi zonse ankakhala ndi chifukwa chofulumirira: malo atsala awiri, mitengo ikukwera Lolemba, musauze anthu ambiri angatichitire nsanje.

Mafunso amenewa sachotsa chiopsezo chonse, ndipo sindikufuna kuti wina aganize choncho. Mapepala amatha kupekedwa, makasitomala amatha kukhala abwenzi a wofuna ndalamayo, ndipo bizinesi yoona ya munthu woona imathanso kugwa. N'chifukwa chake amalume anadziikiranso malire pa kuchuluka kwa zoika. Anafunsana ndi akazi awo kuti, zikapita zonsezi, tidya, ndipo mwana apitiriza sukulu? Anapeza kuti 1,000,000 ndi yochuluka kwa iwo. Anauza mnyamatayo kuti angathe 500,000 yokha, theka la gawo lija, zina akafune kwina.

Panganolo analembetsa kwa loya, masamba atatu, mboni ziwiri, mmodzi wa mbali iliyonse. Ndalama anatumiza kudzera ku banki ku akaunti ya dzina lomwe lili pa chikalata cha galimoto, ndipo pa fomu analemba chifukwa chotumizira. M'panganomo analembamo kuti pa 5 mwezi uliwonse aziona kaundula wa maulendo ndi malisiti a mafuta, ndipo amapitadi kukaona, kabuku m'manja. Miyezi yambiri amalandira pakati pa 10,000 ndi 14,000. Mwezi wachinayi sanalandire kanthu chifukwa lole inathyoka sipuling'i ndipo inakhala pa galaji masiku khumi, ndipo malisiti a zokonzazo anawaona.

Mlandu wa munthu wa mbewu uja ukadali wotsegula. Amalume amapita kukafunsa pakapita miyezi ingapo, ndipo mpaka pano pa 2,800,000 ija sanabwezeredwepo kalikonse.